Zilembo za imelo zikachepa pa foni, yambirani pati?

Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi. Kagalasi ka mkati mwa diso kamayamba kuuma, ndiye sikathanso kusintha msanga kuti kaone chinthu chimene chili pamphuno. N'chifukwa chake mumaona bambo kapena mayi akuwerenga uthenga atatambasula mkono, foni ili kutali. Nyuzipepala ukhoza kuitalikitsa n'kuwerengabe, koma zilembo za pa foni n'zazing'ono kale, moti ukaitalikitsa zimangosanduka nyerere. Ndipo masiku ano makalata a ku banki, a penshoni ndi a ana amene ali kunja amabwera pa imelo.

Ambiri akafuna kukulitsa zilembo amalowa mu Gmail n'kuyamba kufufuza batani lake. Amatero chifukwa anazolowera WhatsApp, imene pa mafoni a Android ili ndi malo ake osinthira zilembo, pa Settings, kenako Chats, kenako Font size. Gmail ilibe malo otero. Imatsatira kukula kwa zilembo kumene kwaikidwa pa foni yonse, choncho ntchito imayambira kunja kwa Gmail.

Tiyerekeze mphunzitsi wopuma pantchito, wa zaka 67, amene mwana wake wamugulira foni ya Samsung. Dandaulo lake ndi limodzi: "Sindikuona kanthu pa imeloyi." Koma mukakhala naye pansi mupeza kuti mavuto ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi kokonzera kwake.

Loyamba ndi mndandanda wa makalata, pamene pamaoneka dzina la wotumiza ndi mutu wa kalata. Pitani pa Settings ya foni, dinani Display, kenako Font size and style. Pali kamzere kokhala ndi kadontho, ndipo mukakokera kadonthoko kumanja zilembo zimakula. Pa Tecno, itel ndi mafoni ena mayina amasiyana pang'ono, koma pamwamba pa Settings pamakhala polembapo chimene mukufuna: lembani font, foni ikufikitsani yokha. Mafoni ambiri akale ankakulitsa zilembo kufika pa 130 peresenti basi. Android 14, imene inatuluka mu 2023, imalola kufika pa 200 peresenti.

Apa ndikupempha achinyamata amene mumakonzera makolo mafoni: musakokere kadonthoko mpaka kumapeto ulendo umodzi n'kubweza foni. Sunthani sitepe imodzi, tsegulani Gmail, apatseni foniyo aigwire mmene amaigwirira masiku onse, awerenge mokweza mutu wa kalata imodzi. Akadodoma, onjezerani sitepe ina. Zilembo zikakula mopitirira zimabweretsa vuto lina. Mutu wa kalata umaduka patangotha mawu awiri kapena atatu, ndipo m'mapulogalamu ena, ngakhale otumizira ndalama, batani lotsimikizira limatha kukankhidwira pansi osaonekanso. Mukamaliza tsegulani mapulogalamu amene agogowo amagwiritsa ntchito kawirikawiri, muone ngati zonse zikuoneka.

Ngati zilembo zakula koma timabatani toyankhira ndi tofufutira tikadali tating'ono, moti chala chikudina polakwika, pali chosinthira china chimene chimakulitsa zonse za pa sikirini. Samsung imachitcha Screen zoom, mafoni ena ambiri Display size. Ndi bwino kukweza ziwirizi pang'onopang'ono kusiyana n'kukweza chimodzi mpaka pamapeto.

Vuto lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu ulesi. Mphunzitsi uja watsegula kalata ya mwana wake ndipo ikuwerengeka bwino. Watsegula ya ku banki, zilembo zikadali zazing'ono. Foni sinawonongeke ayi. Makalata a mabungwe ambiri amakonzedwa ngati tsamba lotambalala la pa kompyuta, lokhala ndi zithunzi ndi mizere ya manambala. Gmail ikaona kuti tsambalo silikwana pa sikirini ya foni, imalifinya lonse kuti lilowe, ndipo zilembo zimafinyikira limodzi.

Kufinyaku mukhoza kukuletsa. Mu Gmail dinani timizere titatu tili pamwamba kumanzere, tsikani mpaka pa Settings, lowani General settings, ndipo chotsani kachizindikiro pa Auto-fit messages. Tsopano kalata ya ku banki ionekera kukula kwake kwenikweni. Koma pali chotayapo: mzere sukwananso pa sikirini, ndiye muyenera kukankhira tsamba kumanja ndi kumanzere ndi chala. Ena amati bola zimenezo, ena zimawasokoneza chifukwa amataya pamene anafika. Kwa amene zikuwasokoneza, bwezerani kachizindikiroko, m'malo mwake agoneke foni cham'mbali kuti sikirini itambalale. Izi zimafuna kuti Auto rotate ikhale yoyatsa. Njira ina ndi kuika zala ziwiri pa kalatayo n'kuzitalikitsa, tsamba limakula pompo. Kwa munthu amene zala zimanjenjemera kapena kuuma, aike foni patebulo ndipo agwiritse ntchito chala cha dzanja lililonse.

Lachitatu ndi zimene zabwera ndi kalata: sitetimenti ya PDF, kapena chithunzi cha chikalata chimene wina wajambula. Apa Font size sigwira ntchito ngakhale pang'ono, chifukwa foni imaona tsamba lonse ngati chinthu chimodzi chomalizidwa kale. Chothandiza ndi zala ziwiri zija, kapena chokulitsira cha foni chimene chili pa Settings, Accessibility. Dzina lake ndi Magnification, ndipo pa Samsung chili mkati mwa gawo la zothandiza kuona. Mukachiyatsa foni imafunsa njira yochiitanira. Ine ndimalangiza kabatani kamene kamakhala m'mphepete mwa sikirini, osati kugogoda katatu. Mukasankha kugogoda katatu foni imayamba kuchedwa pang'ono nthawi iliyonse mukadina, podikira kuti mwina kukubwera kugogoda kwina, ndipo munthu amatha kukulitsa sikirini mwangozi n'kuganiza kuti foni yafa.

Chokulitsirachi chimatetezanso ndalama. Mu Gmail dzina la wotumiza limaoneka bwino, koma adiresi yake yeniyeni imabisika. Mukadina kamuvi kali pansi pa dzinalo imatuluka, m'zilembo zing'onozing'ono. Akuba amadalira kuti munthu sawerenga pamenepo, ndipo amalemba adiresi yosiyana ndi ya banki ndi chilembo chimodzi. Aphunzitseni akuluakulu kukulitsa malo amenewo asanayankhe kalata iliyonse yonena za ndalama.

Amene ali ndi iPhone apite pa Settings, Accessibility, Display & Text Size, kenako Larger Text. Kuyambira pa iOS 15 ya mu 2021 palinso Per-App Settings mkati mwa Accessibility, yolola kukulitsa zilembo za Mail yokha osakhudza zina.

Pomaliza, mvetserani zimene mwini foni akunena mukamaliza zonsezi. Ngati zilembo zazikulu akuziwerenga koma maso akutopa msanga, nthawi zambiri akufunika magalasi owerengera, ndipo kuyezetsa kwake sikutenga nthawi. Koma akati ngakhale zilembo zazikulu zikuoneka ngati zili mu nkhungu, kapena diso limodzi lasintha mwadzidzidzi, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga, foni siingathandize. Ikhoza kukhala ng'ala kapena vuto la mkati mwa diso. Apite kuchipatala cha boma chapafupi, kumene angawatumize kwa akatswiri a maso monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, a ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena a ku Nkhoma.