Foni yabedwa, koma Netflix ikudulabe ndalama

Munthu wa ku Nsungwi mumzinda wa Lilongwe akaberedwa foni, n'kuiwalanso imelo yomwe analembetsera Netflix, ndalama sizisiya kudulidwa mwezi ndi mwezi. Kampaniyi imatenga ndalamazo pa khadi la kubanki, osati pa foni.

Choyamba ndi kupita ku ofesi ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso cha unzika kukabwezeretsa nambala yakaleyo, chifukwa nambala ikakhalitsa osagwira ntchito imapatsidwa kwa wina. Ikabwerera, uthenga wotsegulira akaunti umafikanso, ndipo mwini wake amaletsa yekha malipirowo.

Ngati nambalayo inapita kale, alankhule ndi a Netflix kudzera pa help.netflix.com ali ndi khadilo m'manja, popeza akauntiyo angathe kuipeza pogwiritsa ntchito khadi lomwe limalipira.

Zikakanika, apemphe banki kuti itseke khadilo ndi kuletsa malipiro opita ku kampaniyo. Vuto ndi loti zina zonse zolipiridwa ndi khadilo zimaimanso. Mwezi wotsatira aone sitetimenti: dzina la Netflix likapanda kuonekanso, ndiye kuti zatheka.