Mfundo Imodzi Isanabadwe, Kompyuta Ikhale Yotseka

Poyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera uphunzitsi kumwera kwa boma la Mzimba, tinapeza mnyamata wina atapatsidwa mphindi khumi kuti alankhule pa msonkhano wa aphunzitsi a m'dera la Embangweni. Mutu unali wakuti "Angoni a ku Mzimba." Iye anali atachezera usiku ndi PowerPoint, nakonza masilaidi 22. Munali ulendo wa Zwangendaba, kuoloka kwa mtsinje wa Zambezi mu 1835, imfa yake ku Mapupo, phiri la Hora, gule wa ingoma, ndi kukhazikitsidwa kwa mishoni ya Loudon ndi Donald Fraser mu 1902. Zonsezo zinali zoona. Koma titamufunsa kuti, "Kodi mphunzitsi akafika kwao madzulo, adzauza mnzake kuti mwanena chiyani?" iye anayankha kuti, "Adzati ndanena za Angoni."

Apa ndi pamene pagona vuto. "Angoni a ku Mzimba" ndi mutu chabe. Uli ngati dzina la munda, osati mbeu yobzalamo. Mfundo ndi chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni, chimene munthu angathe kuchivomereza kapena kuchitsutsa. Palibe amene angatsutse mau akuti "Angoni a ku Mzimba," chifukwa sananene kanthu. Tsono munthu akatsegula kompyuta ali ndi mutu wokha, silaidi iri yonse yopanda kanthu imamupempha kuti aidzaze, ndipo iye amathiramo chiri chonse chimene anawerenga. Masilaidi 22 pa mphindi khumi ndiye kuti iri yonse sikwanitsa ngakhale theka la mphindi. Omvera asanamalize kuwerenga, ina yabwera kale.

Tinamupempha kuti atseke kompyuta, atenge pepala, alembe chiganizo chimodzi. Choyamba chinali chakuti, "Angoni ali ndi mbiri yaitali ndi yosangalatsa." Tinachikana, pakuti mutachotsa dzinalo n'kuikapo Ayao kapena Alhomwe, chiganizocho chikhalabe choona. Chachiwiri chinali ndi "ndiponso" katatu. Pamenepo tinadziwa kuti ndi nkhani zinayi zobvala malaya amodzi. Kenaka tinamufunsa chimene chinamudabwitsa iye mwini, munthu wa ku Ntcheu, atangofika ku Embangweni. Anati anadabwa kumva ana a kwa Jere akucheza m'Chitumbuka, pamene midzi yao iri ndi maina a Chingoni. Ndipo analemba kuti: "Angoni analamulira dziko la Mzimba, koma chilankhulo chimene chinapambana m'nyumba zao ndi Chitumbuka."

Chiganizo chimenechi chinasanduka sefa. Nkhani iri yonse tinaifunsa funso limodzi: kodi ikuthandiza womvera kukhulupirira mfundoyi? Ulendo wochokera kumwera unatsala, koma pa mapu amodzi okha, kuti aonetse kuti anthuwa anafika ndi chilankhulo chao. Silaidi yachiwiri inafotokoza chifukwa chake: Angoni anakwatira akazi Achitumbuka, ndipo mwana amayamba kulankhula chilankhulo cha amene akum'bereka kumbuyo. Yachitatu inali ndi maina atatu okha, Embangweni, Edingeni ndi Emfeni, monga umboni wakuti Chingoni chinatsalira pa maina a malo. Yachinayi inasonyeza ovina ingoma, pakuti m'nyimbo zao mau a Chingoni akumvekabe. Masilaidi anayi, mphindi ziwiri pa iri yonse, ndi mphindi ziwiri zotsala za kutsegula ndi kutseka. Pamwamba pa silaidi iri yonse analembapo chiganizo chachifupi m'malo mwa mutu: osati "Maukwati," koma "Ana anatenga chilankhulo cha amai ao."

Chimene chinamuwawa kusiya ndi kadamsana amene anachitika tsiku limene Angoni anaoloka Zambezi, mu Novembala 1835. Ifenso tivomereze kuti nkhaniyo ndi yokoma koposa zonse zimene anali nazo. Koma ndi chifukwa chomwecho inayenera kuchoka: aphunzitsi akanapita kwao akukamba za dzuwa lodetsedwa, za chilankhulo ataziiwala. Anaisunga kuti aitchule ngati wina afunsa.

Tisabise malire a njira imeneyi. Siyenera phunziro limene cholinga chake ndi kupatsa ana ndondomeko yonse ya zochitika. Pamenepo silabasi ndiyo imalamula. Ndiponso mfundo ikathwa imaitana otsutsa. Pa msonkhanowo mphunzitsi wina wachikulire anaimirira nati mau akuti "chinapambana" apitirira, popeza pa miyambo ya ufumu Chingoni chikumvekabe. Mnyamatayo anavomera, nabwerera ku silaidi yachinayi, ndipo anakambirana mphindi zina zisanu.

M'mawa mwake tinafunsa aphunzitsi awiri, aliyense payekha, zimene anamva. Woyamba anabwereza mfundoyo m'mau ake-ake. Wachiwiri anaibwereza ndithu, koma anaonjeza kuti iye sakugwirizana nayo kweni-kweni.