Nthano ndi Nyimbo Pophunzitsa Mau ndi Makhalidwe m'Makalasi Oyamba: Chitsanzo cha ku Mulanje

M'pepala lino tifuna kulongosola m'mene nthano yokhala ndi nyimbo pakati ingathandizire mwana wa Sitandade 1 kapena 2 kugwira mau atsopano, ndiponso malire a njira imeneyi. Tasankha boma la Mulanje pa zifukwa ziŵiri. Choyamba ndi mbiri ya ziyankhulo za kumeneko. Chachiŵiri ndi chakuti mau amene tiŵagwiritse ntchito m'chitsanzo chathu, onena za madzi osefukira, amakhudza moyo weniweni wa mwana wokhala m'tsinde mwa phiri.

Anthu ambiri a ku Mulanje ndi Alomwe ndi Amang'anja. Alomwe adaloŵa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, makamaka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ambiri adagwira ntchito m'minda ya Azungu. Akatswiri a ziyankhulo monga Edrinnie Kayambazinthu ndi Alfred Matiki adaonetsa kuti Chilomwe chidanka chichepa mphamvu pakati pa eni ake, ndipo kuti m'malo mwake mudaloŵa Chinyanja. Chicheŵa chidakhala chiyankhulo cha dziko lonse mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidakonza malamulo a kalembedwe kake. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo ao, koma lamulo la zamaphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. M'kusinthasintha konseku mwana wa ku Mulanje wakhala akufika pa sukulu ali ndi Chinyanja cha kumwera pakamwa, pamodzi ndi mau angapo a Chilomwe omwe adamva kwa agogo ake. Amadziŵa "mvula", mwina adamvanso "epula". Amadziŵa "mbuzi", mwina adamvanso "epuri". Sitiyenera kumuona ngati mwana wosoŵa mau. Chimene amasoŵa kaŵirikaŵiri ndi aneni olongosola chinthu mwatchutchu, ndi kuzindikira m'mene aneniwo amasinthira.

Titenge aneni anayi: kusefukira, kugumuka, kukokoloka ndi kuphwa. Mwana wa zaka 6 kapena 7 akaona mtsinje utadzaza amangoti "madzi achuluka", ndipo akaona mlatho utapita amati "waonongeka". Sadalakwe, koma mau aŵiriŵa aphimba zinthu zosiyana. Mtsinje umasefukira pamene madzi apitirira gombe. Gombe kapena khoma limagumuka pamene ligwa pa malo pomwepo. Chinthu chimakokoloka pamene madzi achinyamula ndi kupita nacho. Madzi amaphwa pamene acheperachepera mpaka kutha. Tikalemba matanthauzo ameneŵa pa bolodi, mwana amene sanadziŵe kuŵerenga sapindula kanthu. Nthano imaika mneni aliyense pa malo ake m'ndondomeko ya zochitika, ndipo mwana amakumbukira tanthauzo chifukwa akukumbukira chimene chidachitika patsogolo ndi pambuyo pake.

Nthano imene tapeka poyesera njirayi ndi yaifupi. Kalulu ndi Fulu adapita kukachapa ku mtsinje tsiku ladzuŵa. Nkhanu idatuluka pansi pa mwala niiŵauza kuti madzi afiira ndipo akubwera ndi masamba ndi tinkhuni, chizindikiro chakuti mvula yagwa kuphiri. Kalulu adayang'ana kumwamba, naona kuti kulibe mtambo, naseka Nkhanu chifukwa cha kuchepa kwake ndi kuyenda kwake cham'mbali. Fulu, podziŵa kuti alibe liŵiro, adanyamuka nthaŵi yomweyo. Posachedwa kudamveka mkokomo, mtsinje udasefukira, gombe lidagumuka, mlatho wa mitengo udakokoloka pamodzi ndi zovala za Kalulu. Iye adapulumukira mu mtengo wa mkuyu, nagona momwemo ndi njala mpaka madzi ataphwa. Mmaŵa adapita kukapepesa kwa Nkhanu. Zizindikiro za Nkhanuzi n'zoona: mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje, monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, ingathe kudzaza mwadzidzidzi pamene kumunsi sikudagwe ngakhale dontho.

Nyimbo iloŵa katatu, pa malo pamene zinthu zisinthira. Mphunzitsi amatsogolera ndi mzere umodzi, ana onse navomera ndi mau osasintha akuti "Tiyeni kumtunda". Mizere ya wotsogolera ndi iyi: "Madzi afiira", "Mtsinje wasefukira", "Gombe lagumuka", "Mlatho wakokoloka". Ulendo woyamba aimba mzere woyamba wokha, ulendo wachiŵiri mizere iŵiri, ulendo wachitatu yonse inayi. Pano pagona phindu limene wophunzira za chiyankhulo ayenera kuliona. Mizere inayi yonse ili m'nthaŵi imodzi, yonena za chinthu chimene changochitika, koma phatikizo loyamba la mneni likusintha motsata dzina: madzi a-, mtsinje wa-, gombe la-, mlatho wa-. Mwana akuphunzira mgwirizano wa dzina ndi mneni popanda kumva dzina la lamulo lililonse. Mphunzitsi akasintha dzina, nkuti "zitsamba" kapena "chimanga", ana okha amapeza "zakokoloka" ndi "chakokoloka".

Phunziro la mphindi 30 lingagaŵidwe motere. Mphindi 5 zoyamba zipite pa kuonetsa mau aŵiri okha, osati anayi, ndi zinthu zogwirika: kapu yothiridwa madzi mpaka kusefukira, ndi kamulu ka mchenga wonyowa kogumuka pokathira madzi. Mphindi 12 zipite pa nthano ndi nyimbo yake, kuyamba ndi "Padangokhala" ana navomera "Tilitonse" monga mwa mwambo. Mphindi zotsala ndi za ana: afotokozerane nthanoyo aŵiriaŵiri, kenaka ayankhe mafunso. Mau aŵiri otsalawo aonetsedwe tsiku lotsatira, nthano ili yomweyo. Kubwereza nthano imodzi masiku atatu kumaposa kunena nthano zitatu zosiyana, pakuti tsiku loyamba maganizo a mwana amakhala pa Kalulu, ndipo mau amaŵamvetsa pambuyo pake. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi a ana oposa 100 sakhala achilendo m'Malaŵi muno, ndipo kuvomera pamodzi ndi njira imodzi yoyankhulitsa ana onseŵa nthaŵi imodzi.

Komabe kuvomera pamodziku ndiko kumabisanso zolakwika. Mwana angathe kuimba mzere wonse bwinobwino osadziŵa pamene liwu limodzi lithera ndi pamene lina liyambira. Njira yodziŵira ndi kutulutsa liwulo m'nyimbo. Tikafunsa kuti, "Kodi mlatho udatani?" mwana ayankha kuchokera m'nyimbo, ndipo sitidziŵa kanthu. Koma tikafunsa kuti, "Kodi phala lingasefukire? Nanga nkhokwe ingagumuke kapena ingasefukire?" tikuyesa tanthauzo. Mwana wonena kuti phala lingasefukire mu mphika wagwira liwulo. Wonena kuti nkhokwe yasefukira tisafulumire kumkaniza; timfunse, pakuti ngati akunena za chimanga chodzaza mpaka kutayika, iye wapitirira pamene tidamsiya.

Cholakwika china chimachokera ku kutalika kwa mizere. "Madzi afiira" ndi "Gombe lagumuka" ali ndi maphatikizo 6 uliwonse, pamene "Mtsinje wasefukira" ndi "Mlatho wakokoloka" ali ndi 8, tikaŵerenga "m" woyambayo ngati phatikizo paokha. Ana akamapanikiza mzere wautali m'kaimbidwe ka mzere waufupi amameza phatikizo, ndipo lovutika kwambiri ndi lobwerezedwa: "wakokoloka" amasanduka "wakoloka". Kuomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse, mopanda kuimba, kumabweza phatikizo lotayikalo, ndipo kumakonzekeretsa mwana kuŵerenga mwa maphatikizo, monga m'mene Chicheŵa chimaphunzitsidwira. Tionjezere kuti nyimbo ingathe kupotoza kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'Chicheŵa kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Nchifukwa chake liwu latsopano liyenera kumveka poyamba m'kuyankhula wamba lisanaimbidwe.

Tsiku lachitatu mphunzitsi angaonetse mbali ina ya aneni omweŵa. Gombe lagumuka, koma madzi agumula gombe. Mlatho wakokoloka, koma madzi akokolola mlatho. Mneni wothera ndi -ka anena chimene chachitikira chinthu, wothera ndi -la anena wochita. Ana amadziŵa kale awiriawiri otereŵa m'mau ngati kutseguka ndi kutsegula, kuduka ndi kudula. Kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa makhalidwe, pakuti mwana aliyense amene adaswapo mbale amadziŵa chifukwa chake "yasweka" ndi yopepuka kunena kuposa "ndaswa".

Pa za makhalidwe tili ndi mau ochenjeza. Chizoloŵezi chofunsa pa mapeto kuti, "Nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani?" chimabala yankho loloŵeza, lakuti tizimvera akulu, ngakhale pamene nthano sidanene zimenezo. M'nthano yathu wochenjeza si wamkulu. Ndi wamng'ono wonyozeka. Funso loyenera ndi lofuna chosankha: "Mng'ono wako akakuuza kuti madzi afiira, iwe usadathe kuchapa, uchita chiyani?" Vuto lina ndi Kalulu mwiniwake. Ana amamkonda chifukwa m'nthano zambiri amapambana ndi ukathyali, ndipo ngati mphunzitsi aseŵera kuseka kwake mokometsa, ana adzatuluka panja akuyenda cham'mbali monyodola Nkhanu. Chizindikiro chake chimaoneka pogaŵa mbali za seŵero: onse akafuna kukhala Kalulu, Nkhanu nisoŵa mwini, nthano yaphunzitsa zosiyana ndi zimene tidafuna. Mankhwala ake ndi kupereka nyimbo kwa Nkhanu, kuti woseŵera mbali yake ndiye azitsogolera kalasi lonse.

Ana ena adzatchula Napolo, chinjoka chimene akulu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Dzinali lidamveka pa ngozi ya ku Zomba mu 1946, ndiponso pa ya ku Phalombe mu 1991, pamene dera limenelo lidali mbali ya boma la Mulanje. Mphunzitsi alibe chifukwa chotsutsira agogo a mwana pamaso pa anzake. Angavomere kuti ndilo dzina limene anthu amatchula madzi otere, nabwerera ku zizindikiro zooneka ndi maso. Angapemphenso ana kukafunsa kwao mau a Chilomwe onena za madzi ndi mvula, kuti "mahi" ndi "epula" amveke m'kalasi mopanda manyazi.

Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, adapha anthu ambiri m'chigawo cha kumwera, Mulanje ndi Phalombe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. M'kalasi mungakhale mwana amene adaona nyumba yao ikugumuka kapena adataya mbale wake. Nchifukwa chake m'nthano yathu palibe womwalira, ndipo chokokoloka ndi zovala ndi mlatho basi. Mphunzitsi ayambe wafunsa kwa anzake ndi kwa makolo za ana a m'kalasi mwake, apeŵe kutsanzira mkokomo wa madzi mwamphamvu, ndipo mwana amene wangoti chete pamene anzake akuvomera asakakamizidwe kuimba.