A Phiri atatu m'kaundula, wogula mmodzi

Tiyerekeze shopu yogulitsa mbewu ndi feteleza pa boma la Mchinji. Anyamata atatu amasinthana kulemba mayina a makasitomala mu Excel, aliyense m'kalembedwe kake. Chaka chikamatha, mayi mmodzi amapezeka katatu: "Alinafe Phiri", "ALINAFE PIRI" ndi "alinafe  phiri" wa mipata iwiri pakati. Mwini shopu akatumiza uthenga wa mitengo yatsopano, mayiwo amaulandira katatu, ndipo ngongole yawo imakhala yomwazika pamizere itatu.

Musanakhudze chilichonse, koperani fayiloyo, yoyambayo muisunge padera. Kenako yambani ndi manambala a foni, mayina adikire. Dzina munthu amalilemba mmene walimvera, koma nambala ili ndi maonekedwe odziwika.

Nambala ya foni ya m'manja ku Malawi, kaya ndi ya Airtel kapena ya TNM, ili ndi madijiti 10 kuphatikizapo ziro wakutsogolo. Vuto ndi loti nambala imodzi imalowa m'kaundula mosiyanasiyana: wina alemba 0999 000 123, wina +265999000123, wina 0999-000-123. Nayo Excel ikaona madijiti okhaokha imayesa ndi chiwerengero n'kumeza ziro uja, kutsala 999000123. Kwa kompyuta, awa ndi anthu anayi. Koma taonani: madijiti 9 omaliza ndi ofanana ponseponse. Ngati manambala ali mu B, lembani izi mu C2 n'kukokera pansi:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(B2," ",""),"-",""),9)
```

Fomula imeneyi ikuchotsa mipata ndi timizere, n'kusunga madijiti 9 akumapeto. Ili ndi malire ake. Ngati wina analemba manambala awiri pamalo amodzi, idzangotenga yachiwiriyo. Nambala ya kasitomala amene ali ku Joni, yoyamba ndi +27, idzadulidwa mutu n'kuoneka ngati yakuno. Zoterezi zipatuleni kaye pamanja. Zomwe zatsala ndi madijiti osakwana 9 muzizindikira ndi `=LEN(C2)`, ndipo mankhwala ake ndi kufunsa mwini nambala basi.

Tsopano mayina. `=TRIM(A2)` imachotsa mipata yakutsogolo ndi yakumapeto, ndipo pakati pa mawu imasiya umodzi. Mukaona kuti dzina lina silikusintha, makamaka lokopedwa pa intaneti, mwina muli mpata wamtundu wina umene TRIM saudziwa; `SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," ")` ndiye amausandutsa mpata wamba. Pa zilembo zazikulu ndi zazing'ono ambiri amathamangira PROPER, ndipo imagwiradi ntchito pa Banda ndi Mwale. Koma ikafika pa a Ng'oma imalemba Ng'Oma, a Chang'anamuno n'kukhala Chang'Anamuno, chifukwa chilembo chilichonse chotsatira kachizindikiro kaja imachikuza. Mukatha, sakani mayina onse okhala ndi kachizindikiroko muwakonze.

Phiri ndi Piri, Chirwa ndi Chilwa, Nkhoma ndi Nkoma: apa palibe fomula yokuthandizani. Ndipo musasinthe a Chilwa onse kukhala Chirwa kamodzin'kamodzi, poti alipo amene pa chitupa chawo cha unzika palembedwa choncho. Kalembedwe koyenera ndi ka mwini dzina.

Nambala yokonzedwa ija ndiyo ikuonetseni pofunika kuyang'ana. Mu D2 lembani:

```
=COUNTIF(C:C,C2)
```

Paliponse potuluka 2 kapena kuposa, nambalayo yabwerezedwa. Sanjani mizere motsata C kuti ofananawo agundizane, muwawerenge ndi maso. Mizere itatu ya mayi Phiri ija ionekera pamodzi, pa nambala imodzi ndi mudzi umodzi. Ngati pamzere wina pali ngongole ya K40,000 ndipo pa wina K25,000, onani masiku ndi malisiti: mwina ndi ngongole ziwiri zokwana K65,000, mwinanso ndi imodzi imene analipirako K15,000 wina n'kutsegula mzere watsopano.

N'chifukwa chake batani la Remove Duplicates ine ndimaliopa. Limasunga mzere woyamba n'kufufuta otsatira, osafunsa kuti ndi uti uli ndi zoona. Komanso kwathu kuno foni imodzi imatumikira banja lonse: bambo, mayi, nthawi zina ndi apongozi omwe. Mukapeza Alinafe Phiri ndi Yohane Banda pa nambala imodzi, mwina ndi mkazi ndi mwamuna wake, aliyense ndi ngongole yake. Mbali inanso, anthu ambiri ali ndi masimukhadi awiri, choncho munthu mmodzi akhoza kubisala pa 099 ndi 088, COUNTIF osamuona. Ameneyo mumupeza posanjanso mizere motsata dzina ndi mudzi.

Mukamaliza, ikani malo a manambala akhale Text kuti ziro asamezedwenso, ndipo anyamata aja muwauze kuti asanalembe kasitomala "watsopano" azisaka kaye madijiti 9 omaliza a nambala yake ndi Ctrl+F, ataika Look in pa Values.