Kodi cholakwika ndi lamulo, kapena amene waligwiritsa ntchito?

Mu 2015 apolisi a ku Blantyre anagwira venda wina mbandakucha akupita kukagulitsa majumbo, namutsekera pa mlandu wa vakabu. Kukhoti bamboyo sanatsutsane ndi wapolisi amene anamugwira. Anatsutsa lamulo lenilenilo, ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, ponena kuti likuphwanya ufulu wake. Mu Januwale 2017 majaji atatu a Khoti Lalikulu anagwirizana naye, ndipo ndimeyo inafera pomwepo, kwa iye ndi kwa wina aliyense m'Malawi. Mphamvu yochitira zimenezi imachokera mu ndime 5 ya Konsitichushoni ya 1994, yomwe imati lamulo kapena chochita cha boma chotsutsana nayo chilibe mphamvu. Umenewo ndi mlandu wa malamulo aakulu a dziko: funso limakhala lakuti, kodi Nyumba ya Malamulo inali ndi chilolezo chopanga lamulo lotere?

Tsopano tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba amene khonsolo yamulanda chiphaso cha benchi yake mumsika, popanda kumuitana kapena kumuuza chifukwa. Lamulo lolola khonsolo kulanda ziphaso lilibe vuto, ndipo mayiyu sakulimbana nalo. Dandaulo lake lili pa mmene bwana wa khonsolo waligwiritsira ntchito. Apa talowa m'malamulo okhudza kagwiridwe ka ntchito za boma, ndipo mafunso ake ndi apansipansi. Kodi amene anasaina kalatayo ndi amene lamulo linamupatsa mphamvu? Kodi mayiyu anapatsidwa mpata wonena mbali yake? Kodi chifukwa chake n'chomveka, kapena benchiyo ikufunidwa ndi mlamu wa bwanayo?

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa zimene khoti limachita mayiyu akapambana. Jaji sagamula kuti benchi ndi ya ndani. Amafafaniza chiganizo cha khonsolo n'kubweza nkhaniyo komweko kuti ikaunikidwenso mwadongosolo. Khonsolo ikhoza kumuitana, kumumvetsera, kulemba zifukwa zake, kenako n'kumulandanso chiphasocho, ulendo uno movomerezeka. Zimawawa kumva, koma khoti limayang'ana njira imene chiganizo chadzera, osati ngati jajiyo akanaganiza chimodzimodzi. Nthawi nayo siidikira: pempho lotere liyenera kufika ku Khoti Lalikulu msanga, pasanathe miyezi itatu.

Musayembekeze kupeza mpanda wolimba pakati pa nthambi ziwirizi, makamaka kuno kwathu. Ufulu wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi ofesi ya boma, ndi wopatsidwa zifukwa zolembedwa, uli mu Konsitichushoni momwemo, pa ndime 43. Choncho loya wa mayi wa nsomba uja adzatchula ndimeyi, koma mlandu wake ukhalabe wotsutsa kalata imodzi ya bwana mmodzi. Akapambana, lamulo la ziphaso litsala momwe linalili, ndipo mnzake wa benchi yoyandikana akalandidwa mawa, adzayenera kukadandaula payekha.