Thanki ya chimbudzi ikamadzaza yokha, yambani mwamvetsera

Chimbudzi chamadzi chabwinobwino chimayenera kukhala chete. Mukagejemula, madzi amalowa m'thanki kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako zii. Ngati thankiyo ikungoti siiii osaleka, kapena ikumadzaza yokha popanda woigwira, ndiye kuti madzi akuthawa penapake. Kamvekedweko ndi kamene kangakuuzeni pomwe pavuta.

Chotsani chivundikiro muone m'kati. Pamene paipi yalowera pali vavu yolowetsa madzi, ndipo kwa iyo kwalumikizidwa kamtengo kachitsulo kapena kapulasitiki kokhala ndi mpira woyandama kumapeto kwake. Madzi akatsika, mpirawo umatsika nawo, vavu n'kutseguka. Akamakwera, mpira umakwera n'kumakankha kamtengo kaja, ndipo kamtengoko kamapanikiza washala wa labala pakabowo kotulukira madzi mpaka katatsekeka. Mpirawo suoneka wamphamvu, koma kutalika kwa kamtengo kumachulukitsa mphamvu yake, monga momwe mpini wautali wa mjigo umapeputsira ntchito. Mathanki atsopano ali ndi choyandama chonga kapu chimene chimakwera ndi kutsika pathupi la vavu, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko.

Vavuyi sidziwa ngati munthu wagejemula kapena ayi. Imangotsatira mpira, ndipo mpira umangotsatira madzi. N'chifukwa chake ambiri amaiimba mlandu wosapalamula.

Tiyerekeze thanki imene imakhala chete kwa mphindi 20, kenako n'kulira pang'ono, n'kukhalanso chete. Apa vavu ikugwira bwino ntchito yake, chifukwa ikutseka. Vuto lili pansi pa thanki, pa labala wotseka potulukira madzi opita m'mbale ya chimbudzi. Labalayo akauma, akapindika kapena akagwira ndere ndi dothi, madzi amadontha pang'onopang'ono, mpira umatsika, vavu n'kubwezeretsa otayikawo. Kuti mutsimikize, tsekani kampopi ka paipi yolowa m'thanki, lembani mzere ndi pensulo pamene madzi alekezera, mudikire ola limodzi. Akatsika koma pansi pa chipinda pali pouma, akupita m'mbale. Pukutani labalayo ndi pamene amakhalapo, onaninso ngati tcheni kapena batani logejemulira silikugwira. Zikapitirira, gulani labala wina. Mukagula vavu yolowetsa madzi pa vuto lotere, ndalama zalowa m'madzi.

Kulira kosalekeza n'kosiyana. Nthawi zambiri mupeza madzi akwera mpaka akusefukira m'paipi yotayira madzi osefukira, imene m'nyumba zina imatulukira kunja kwa khoma, m'zina imatsikira m'mbale momwemo. Kwezani kamtengo ka mpira ndi chala, mosakakamiza. Madzi akasiya, vavu ili moyo, kungoti mpira wakhala pamwamba kwambiri. Utsitseni potembenuza sikuluu ya pakamtengo, kapena, ngati n'kachitsulo, kapindeni pang'ono moloza pansi mutakagwira ndi manja onse awiri kuti musathyole vavu. Madzi azilekezera pamzere wolembedwa m'thanki, kapena masentimita pafupifupi 2.5 pansi pa kamwa la paipi yosefukira. Muupukusenso mpirawo: ngati mukumveka madzi m'kati mwake, wabooka ndipo sungayandamenso bwino. Onaninso ngati sukukhula khoma la thanki.

Koma mukakweza kamtengo madzi n'kumatulukabe, washala watha kapena pakabowo patsakamira mchenga. Izi zimachitika kawirikawiri madzi akasiya n'kubweranso, chifukwa oyambirira amabwera ndi matope ndi dzimbiri la m'mapaipi. Kamchenga kamodzi kokha n'kokwanira kulepheretsa washala kutseka. Tsekani madzi, masulani mutu wa vavu, tsukani, ndipo washala akakhala wong'ambika kapena wadindika, mupite naye kusitolo kuti akupatseni wofanana naye. Pali mathanki ena amene amasefukira usiku wokha. Si zamatsenga: usiku anthu satunga, mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera, ndipo washala wotopa amalephera kulimbana nayo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti madzi amenewa amatayika mosaoneka. Ngati thanki ikutaya kapu imodzi ya mamililita 250 pa mphindi, pa ola ndi malita 15, pa tsiku 360. Zimenezo ndi zidebe 18 za malita 20, ndipo pa masiku 30 ndi malita 10,800, onse owerengedwa pamita yanu.

Ngati simungathe kukonza lero, muzitseka kampopi kaja mukamaliza kugwiritsa ntchito chimbudzi. Ndipo mukaitana pulambala, muuzeni zimene mwamva ndi zimene mzere wa pensulo waonetsa, asanakutumeni kukagula chilichonse.