Gauni ya Pa Kompyuta, Chithunzi Chonena Zoona

Tsiku la mwambo wopereka madigiri ku Great Hall ku Zomba, ojambula zithunzi sapuma. Makolo, azakhali ndi agogo amaima pamzere kuti ajambulitse ndi mwana wawo atavala gauni ndi chisoti cha ngodya zinayi chija. Koma si onse omaliza maphunziro amene amafika pamwambowo. Ena amasowa ndalama yobwerekera gauni ndi yoyendera, ena amakhala akudwala, ena amakhala atapita kale kukagwira ntchito kutali. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Kovidi, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwanso kwa kanthawi. Satifiketi munthu amadzalandira ndithu, koma pakhoma la pabalaza pamatsala popanda kanthu.

Mpata umenewu ndi umene masitudiyo a zithunzi amatseka masiku ano poveka munthu gauni pa kompyuta. Tiyerekeze mnyamata amene wamaliza dipuloma ku Blantyre n'kupita ku Joni mwambo usanachitike. Mayi ake akufuna chithunzi cha mainchi 8 m'lifupi ndi 10 m'litali choti achiike mu felemu. Mwini wake wavomera, ndipo chilolezo chakecho n'chofunika, chifukwa nkhope ya munthu siiseweretsedwa iye asakudziwa.

Ntchito imayambira pa chithunzi chimene mnyamatayo atumize. Kuti chituluke bwino pa pepala, pamafunika timadontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi cha kukula kumeneku chimafuna mapikiselo 2,400 m'lifupi ndi 3,000 m'litali. Foni zambiri zimajambula zoposa pamenepa, koma WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, ndipo chikakulitsidwa nkhope imachita chimbuuzi. N'chifukwa chake wojambula wodziwa ntchito amapempha kuti chitumizidwe ngati Document, pakuti chikatero chimafika monga chinajambulidwira. Mnyamatayo aime pafupi ndi zenera masana, avale shati ya kolala, ayang'ane kutsogolo, ndipo womujambula agwire foni molingana ndi maso ake. Zithunzi zodzijambula wekha zimavuta, chifukwa foni ikakhala pafupi kwambiri mphuno imakula, makutu n'kuchepa, ndipo phewa limodzi limakwera.

Gauniyo nayo imachokera pa chithunzi china. Yabwino ndi imene situdiyo inajambula yokha itaveka munthu, osati yotola pa intaneti, imene ili ndi mwini wake ndipo kawirikawiri imakhala yaing'ono. Mu Photoshop, kapena mu GIMP imene ndi yaulere, gauni imaikidwa pamwamba pa munthu ngati chigawo chapadera, chisoti n'kukhala chigawo chinanso. Mbali zosafunika amazibisa ndi Layer Mask m'malo mozifufuta, kuti akalakwitsa athe kuzibweza.

Pamene pamagona luso ndi pa kuwala. Ngati zenera linali kumanzere kwa mnyamatayo, tsaya lakumanzere limawala, lakumanja n'kudera. Gauni imene inajambulidwa kuwala kukuchokera kumanja ikaikidwa pa iye, diso la munthu aliyense limaona kuti china chake sichili bwino, ngakhale asadziwe kutchula vutolo. Wojambula amatembenuza gauniyo kuti mbali yowala igwirizane ndi tsaya lowala. Kenaka amayang'ana kuda kwake. Gauni yojambulidwa mu situdiyo imakhala yakuda bii, pamene pa chithunzi cha pafoni zinthu zakuda zimakhala zotuwirako, ndiye amaichepetsa mphamvu ndi Curves mpaka ifanane ndi kuda kwa tsitsi la mwini chithunzi.

Chisoti ndicho chimaulula ntchito yothamangira. Chisoti chenicheni chimalowa m'mutu, chimapanikiza tsitsi, ndipo chimagwetsa mthunzi pamphumi. Chongomata chimayandama pamwamba ngati mbale yovundikira ndiwo. Kuti chikhale bwino, m'mphepete mwake amapinda ndi Warp kuti mutsate mphumi, amabisa tsitsi limene likanalowa m'kati, kenaka amapaka mthunzi wofewa pansi pake pa chigawo chimene achiika pa Multiply. Mthunzi wina umafunika pamene gauni yagona pa kolala ya shati. Mphonje ya chisoti iyenera kulendewera molunjika pansi ngakhale mutu utapendekeka. Ambiri amaiwala zimenezi, amapendeketsa chisoti chonse pamodzi ndi mphonje yomwe, n'kuoneka ngati ikuuluzika ndi mphepo m'nyumba.

Pali chinthu china chimene wojambula sayenera kusankha potengera kukongola. Nsalu yamitundu imene imagwera kumsana, imene ophunzira amati hudi, si chokongoletsera chabe. M'mayunivesite ambiri mitundu yake imasonyeza digiri kapena nthambi ya maphunziro, ndipo chisoti chofewa chozungulira kawirikawiri chimavalidwa ndi amene afika pa udokotala wa maphunziro. Mnyamata wa dipuloma akavekedwa zimenezi, chithunzi chayamba kunena zimene sizinachitike. Ngati mitundu ya sukulu yake sikudziwika bwino, gauni yakuda yopanda hudi ndi yokwana. Chizindikiro cha yunivesite, satifiketi yongopeka yogwiritsa m'manja, kapena kumuimika pafupi ndi akuluakulu a sukulu ngati akumupatsa moni, zonsezi zisalowemo.

Tsopano mawu aja. Ena amaona ngati kulemba kuti chithunzi n'chokonzedwa kukuchotsa ulemu wa mwana wawo, koma nkhawa imeneyi ilibe maziko, pakuti dipulomayo ndi yeniyeni ndipo mawuwo sakuikhudza. Chimene akuteteza ndi tsogolo la chithunzicho. Lero banja lonse likudziwa mmene chinapangidwira, koma pakatha zaka 20 adzukulu sadzadziwa. Chikafika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp chimayenda chokha, popanda wochifotokozera, ndipo mnzake wa m'kalasi amene akudziwa kuti mnyamatayo kunalibe pamwambo angamutche wabodza. Palinso anthu amene sanamalize sukulu n'komwe amene amafuna zithunzi zotere kuti anamize abwana kapena apongozi, ndipo situdiyo yolemba mawu pa chithunzi chilichonse imawatsekera khomo.

Mawuwo akhale achidule: "Chithunzi chachikumbutso. Gauni ndi chisoti zaikidwa pa kompyuta." Malo ake ndi pa chithunzi penipenipo. Mawu olembedwa mu uthenga wotumizira chithunzi amatsala wina akachisunga mu foni n'kuchitumiza kwina, ndipo zolemba zobisika m'kati mwa fayilo zimachotsedwa ndi masamba ambiri a mchezo. M'mphepete mwenimweni namonso si mwabwino, chifukwa makina osindikizira amadulako pang'ono ndipo felemu imaphimba mbali zonse. Malo abwino ndi pa gauni pomwepo, chakumunsi, theka la inchi kapena kuposerapo kuchokera m'mphepete, ndi zilembo zoyera zoti munthu wachikulire awerenge atagwira chithunzi m'manja. Pamenepo wofuna kuwadula adula ndi gauni yomwe. Kumbuyo kwa pepala alembenso dzina la mwini chithunzi, maphunziro amene anamaliza, chaka chake, ndi tsiku limene chithunzi chinakonzedwa.

Asanasindikize chachikulu, ndi bwino kutulutsa kaye chaching'ono cha mainchi 4 ndi 6, chifukwa pepala limadetsa kuposa galasi la kompyuta, ndipo mikwingwirima ya gauni yakuda imatha kusowa n'kutsala chibanthu chakuda chokhachokha. Mayi aja aone khosi, mphumi ndi mawu, mwana wawo aonenso pa foni n'kuvomereza, kenaka alipire chachikulucho. Ndipo asachoke pa situdiyo asanatenge chithunzi choyambirira chosakonza, kuti chisungidwe pamodzi ndi cha gaunicho.